Salale, weji, fii ndi alawansi pa kalata yolembera munthu ntchito: mafunso ndi mayankho

Ndimasunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono angapo kuno ku Mangochi: maloji a m'mbali mwa nyanja, sukulu ya mkaka imodzi, ndi malo awiri ogulitsira zipangizo zomangira pa Boma. Ntchito ya makalata olembera anthu ntchito inandigwera chifukwa pamene avutana kumapeto kwa mwezi, amene amaitanidwa kuti awerengetsere ndine. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri. Kuti tisamangoyankhula za m'malere, nditsatira chitsanzo chimodzi: mayi wina ali ndi loji yake m'njira yopita ku Monkey Bay, akufuna wophika, ndipo anagwirizana naye pakamwa kuti azimupatsa K300,000 pamwezi. Ziwerengerozi ndazisankha kuti masamu ayende mosavuta, si mtengo wa ophika onse.

Kodi zonsezi si malipiro basi? Bwanji osangolemba "malipiro" n'kusiya pomwepo?

Pa Chichewa mawu akuti malipiro amanyamula zonse, ndiye pamene pagona vuto. Waganyu wolima m'munda amalandira malipiro, mphunzitsi amalandira malipiro, wokonza injini ya boti nayenso amati malipiro. Chingerezi chimene makalata ambiri amalembedwamo chili ndi mawu otakata chomwecho, akuti peyi, koma chilinso ndi ena amene amasiyanitsa mitundu ya ndalamayo. Salale ndi ndalama yokhazikika ya pamwezi. Weji ndi ndalama yowerengedwa pa ola, patsiku kapena pamlungu. Fii ndi mtengo wa ntchito imene wagwira munthu yemwe si wantchito wanu. Alawansi ndi ndalama yapamwamba yokhala ndi cholinga chake, monga nyumba kapena thiransipoti.

Mukalemba kuti "malipiro anu ndi K300,000" osanena china, mwasiya mafunso atatu opanda yankho. Kodi msonkho uchotsedwa pamenepo kapena wachotsedwa kale? Kodi ya nyumba ili momwemo? Nanga ovataimu, penshoni ndi ndalama ya pochotsedwa ntchito zidzawerengedwa pa ndalama iti? Tsiku losainirana palibe amene amafunsa zimenezi, aliyense amakhala akumwetulira. Zimadzatuluka pa tsiku la peyisilipi yoyamba kapena pa tsiku losiyana.

Salale ndi weji zikusiyana pati, poti zonse ndi za munthu wolembedwa ntchito?

Zimasiyana pa chimene mukuwerenga. Wasalale mumamuwerengera mwezi: kaya mweziwo ndi Febuluwale wamasiku 28 kapena Julaye wamasiku 31, kaya alendo adzaza zipinda pa Khirisimasi kapena mwera waomba mu Juni loji ili zii, ndalama yake ndi yomweyo. Waweji mumamuwerengera masiku kapena maola amene wagwira. Akagwira masiku 17 alandira za masiku 17. Akuluakulu amene anagwirapo m'maesiteti amakumbukira tikiti, kapepala kochonga tsiku lililonse munthu akagwira ntchito. Weji ndi yomweyo.

Chimasokoneza anthu n'chakuti waweji naye atha kumalandira kumapeto kwa mwezi, ndiye amadziona ngati wasalale. Mwezi umene wadwala masiku anayi kapena bwana wamuuza kuti "mawa musabwere, kulibe alendo", ndalama imaperewera, mkangano nkuyamba. Choncho kalata inene poyera: ndi K8,000 patsiku logwira ntchito, kapena ndi K208,000 pamwezi. Pamwezi wathunthu ziwirizi n'zofanana, chifukwa wogwira masiku sikisi pamlungu amawerengeredwa masiku 26 pamwezi, ndipo 26 kuchulukitsa ndi K8,000 ndi K208,000. Koma lonjezo lake si limodzi. Woyamba mwamulonjeza mtengo wa tsiku, wachiwiri mwamulonjeza mwezi.

Nambala ya 26 imeneyi sindinaipeke ine. Boma likamalengeza malipiro otsikitsitsa limagwiritsanso ntchito yomweyi: K50,000 ya mu 2021 inali K1,923.08 patsiku, ndipo K90,000 ya mu 2024 inali K3,461.54 patsiku. Ndalamayi imasinthidwa, ndipo antchito a pakhomo amakhala ndi mlingo wawo, kotero musanalembe kalata funsani ku ofesi ya zantchito pa Boma kuti pano yafika pati.

Pali chinanso. Mu Lamulo la Ntchito la 2000, mawu akuti weji sakutanthauza za patsiku zokha. Akutanthauza ndalama iliyonse imene wantchito amapeza chifukwa cha mgwirizano wake wa ntchito, kaya mwaipatsa dzina lanji, kaya mwaiwerengera motani. Ndiye wina asakunamizeni kuti malamulo onena za weji sakhudza wasalale, kapena kuti waweji alibe tchuthi chifukwa "ndi wa patsiku".

Ndinamuuza wophika kuti K300,000. Iye akuti ndi yolowa m'thumba, ine ndimati ndi yonse. Wolondola ndani?

Palibe amene akunama, koma amene analemba kalata ndiye anali ndi mpata wotseka dzenjeli. Ndalama yonse musanachotsepo kanthu ndi imene timati gilosi. Imene yatsala mutachotsa msonkho wa PAYE ndi gawo la wantchito la penshoni ndi neti. Wofuna ntchito akamva chiwerengero, m'mutu mwake amayamba kugawa: lendi, ufa, fizi ya ana. Iye amamva neti. Wolemba ntchito amaganiza za zotuluka m'bizinesi, ndiye amanena gilosi.

Ine ndimalangiza kulemba gilosi, n'kuonjezera chiganizo chakuti msonkho ndi penshoni zidzachotsedwa monga mwa lamulo. Kulonjeza neti n'kudzimangirira chingwe m'khosi. Magawo a PAYE amasintha pafupipafupi ndi bajeti ya boma, ndipo mukalonjeza neti, msonkho ukakwera wolipira kusiyanako ndinu. Koma musabisale kuseri kwa mawu. Khalani naye pansi munthuyo, muwerengetse limodzi papepala kuti kumapeto kwa mwezi woyamba pa foni pake kapena ku banki kudzalowa zingati. Mphindi khumi zimenezo ndi zotchipa poyerekeza ndi wophika amene wakwiya loji itadzaza alendo.

Nanga alawansi? Anzanga amati ndigawe ndalamayo, ina ikhale salale, ina alawansi, kuti zinditsikire.

Apa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaterereka.

Tiyerekeze kuti mayi aja agawa K300,000 motere: salale yeniyeni, imene timati besiki, K208,000; ya nyumba K52,000; ya thiransipoti K40,000, poti wophikayo amakwera kabaza kapena minibasi kuchokera kwawo. Kugawa kotere si kolakwika. Kumathandiza kuti mtengo wa minibasi ukakwera mukambirane za thiransipoti yokha osakhudza zina, ndiponso tsiku limene mudzamupatse chipinda pa loji pomwepo, mudzadziwe ndalama imene ikukambidwa.

Chimene kugawako sikuchita ndi kubisa ndalama ku msonkho. Alawansi ya nyumba kapena ya thiransipoti yoperekedwa ngati ndalama mwezi ndi mwezi imaphatikizidwa ndi salale powerengera PAYE. A MRA amayang'ana K300,000 yonse, osati K208,000. Ndaonapo mapeyisilipi amene besiki yake ndi kakang'ono, alawansi zili zisanu ndi imodzi, mpaka ina yotchedwa "ya udindo", mwini wake akuganiza kuti wachenjera. Ofufuza za msonkho akabwera amangophatikiza zonse n'kuwerengera m'mbuyo, ndi chilango pamwamba.

Alawansi zilipo za mitundu iwiri, ndipo kalata izisiyanitse. Ina ndi yokhazikika, imabwera mwezi uliwonse kaya munthu wayenda kaya sanayende. Imeneyo ndi malipiro ovala dzina lina. Ina ndi yobwezera zimene munthu waononga pa ntchito yanu: mwamutuma wophika ku Blantyre kukagula zipangizo za m'khitchini, wagona konko, wadya konko. Imeneyi si phindu lake, ndipo iperekedwe pa ulendo umene wachitikadi, ndi malisiti kapena mlingo wodziwika wa usiku umodzi. Mukasakaniza ziwirizi, munthu amayamba kuona ya ulendo ngati gawo la salale, ndipo mwezi umene kulibe ulendo amamva ngati mwamudula. Amene anagwirapo ntchito m'mabungwe a chitukuko kuno amadziwa mmene nkhani ya alawansi ya misonkhano ya kunyanja imakhalira yotentha.

Pa penshoni, lamulo limati wolemba ntchito aike 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Funso ndi lakuti peresenti ya chiyani. Pa K208,000 mayi aja aika K20,800, wophika K10,400. Pa K300,000 ndi K30,000 ndi K15,000. Lamulo la penshoni limayang'ana ndalama zotsimikizika zimene munthu amalandira, osati chimene mwachitcha besiki, kotero musangoganiza nokha kuti alawansi yokhazikika ili kunja. Funsani kampani yosunga penshoni imene mwalembetsako kuti ikuuzeni zolowa ndi zosalowa, kenaka mulembe m'kalatamo chiwerengero chenichenicho.

Ovataimu iwerengedwe pa ndalama iti?

Maola a ntchito a masiku onse sapitirira 48 pamlungu. Opitirira apo pa tsiku la ntchito amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo ogwira pa tsiku lopuma kapena pa holide ya boma amalipidwa kawiri. Wophika wathu amagwira maola 8 patsiku, masiku 26, ndiye maola 208 pamwezi. Pa besiki ya K208,000 ola limodzi ndi K1,000. Akagwira maola 10 owonjezera mwezi wa Disembala, ndi K15,000. Mukawerengera pa K300,000 yonse, ola ndi pafupifupi K1,442, ndipo maola khumi omwewo akupitirira pang'ono K21,600.

Mabizinesi ambiri amawerengera pa besiki, ndipo kalata inene zimenezo kuti wophika asadzadzidzimuke. Komabe kumbukirani zija ndanena kuti mawu akuti weji m'lamulo ndi otakata. Ngati mwafinya besiki dala n'kutupitsa alawansi zopanda mutu, musadabwe wa ku ofesi ya zantchito akadzati alawansizo ndi weji ndithu.

Za holide, kuno musaiwale Idi. Ndi holide ya boma chimodzimodzi Khirisimasi kapena 6 Julaye, ndipo pa loji ndi masiku amenewo pamene ntchito imachuluka. Kulemba kuti "salale ikuphatikiza maola onse owonjezera" sikufafaniza ovataimu.

Akadzachotsedwa ntchito chifukwa bizinesi yavuta, alawansi imawerengedwa?

Ya nyumba imawerengedwa, ndipo ambiri sadziwa. Munthu akachotsedwa chifukwa ntchito yachepa kapena bizinesi yalowa pansi, amayenera ndalama ya pochotsedwa ntchito: malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyambirira, milungu itatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi milungu inayi pa zaka zopitirira apo. Kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunatchula zolowa powerengera, ndipo besiki ndi alawansi ya nyumba zili m'gulu lolowa. Ndalama imene alendo amapatsa wantchito pothokoza siilowa, ya zida zogwirira ntchito siilowanso.

Tinene kuti wophika wagwira zaka 4 zathunthu loji n'kutsekedwa. Ndi milungu 8. Pa besiki yokha, mlungu ndi K48,000, yonse K384,000. Kuika ya nyumba, imene ndi K2,000 patsiku kapena K12,000 pamlungu, mlungu ukufika pa K60,000, yonse K480,000. Alawansi imodzi yokhayo yabweretsa kusiyana kwa K96,000. Ndipo dziwani kuti ngakhale Chingerezi chimaitcha ndalamayi alawansi, si alawansi ngati ya thiransipoti imene mungaike kapena kuchotsa mutagwirizana ndi wantchito wanu. Ndi ya lamulo, ndipo ndi yosiyana ndi penshoni.

Fii ndimalipira ndani? Ndingamulembe wophika pa fii kuti ndisavutike ndi penshoni?

Fii ndi ya munthu wodziimira payekha amene mwamugula ntchito inayake. Makaniko wa ku Monkey Bay wabwera kudzakonza injini ya boti la alendo, wanena mtengo, wabwera ndi masipanala ake, wamaliza wapita kukakonza ya wina. Woika sola padenga, oimba amene mwawaitana usiku wa chaka chatsopano, ngakhale ineyo wosunga mabuku: tonsefe timalandira fii. Sitikhala ndi tchuthi kwa inu, mulibe nafe za penshoni, ndipo pepala lathu si kalata ya ntchito koma mgwirizano wonena ntchito yake, mtengo wake, tsiku lomaliza, ndi amene agule zipangizo. Msonkho wake si PAYE. Pa malipiro ambiri a mtundu umenewu wolipira amayenera kudulapo msonkho wodulidwiratu, kuupereka ku MRA, ndi kumupatsa mwini wake chiphaso chosonyeza kuti wadulidwa, pokhapokha ngati ali ndi chiphaso chomuchotsa pa msonkhowo. Nenani zimenezi pogwirizana mtengo. Makaniko amene anati K150,000 n'kulandira yoperewera asanauzidwe sadzabweranso injini ikadzafa.

Tsono wophika. Amabwera 6 koloko m'mawa chifukwa mwamuuza ndinu, amaphika zimene mwalemba pa menyu ndinu, mapoto ndi anu, alibe kwina kumene amapeza ndalama, ndipo sangatume mphwake kuti adzaphike m'malo mwake osakupemphani. Ameneyo ndi wantchito wanu. Lamulo limati ngakhale munthu amene mgwirizano wake watchedwa dzina lina, ngati akudalira inu pa chuma ndipo ubale wanu ukufanana ndi wa bwana ndi wantchito, ndi wantchito basi. Kulemba "fii" pamwamba pa pepala sikusintha kanthu. Kumangochedwetsa ngongole ya penshoni, tchuthi ndi PAYE kuti mudzailipire nthawi imodzi nkhani ikadzafika ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la milandu ya zantchito.

Ngati vuto lanu n'lakuti mukumufuna miyezi itatu yokha ya alendo ambiri, njira yake ilipo: mgwirizano wa ntchito wa nthawi yodziwika, wotchula tsiku loyamba ndi lomaliza. Amakhalabe wantchito, koma nonse mukudziwa pothera.

Chenjezo laling'ono kwa olemba m'Chichewa: pa Chichewa "fizi" ndi ya sukulu. Mukalemba kuti "mudzalandira fizi" munthu atha kumva kuti mudzamulipirira ana sukulu. Lembani "mtengo wa ntchito".

Amadya pa loji pomwepo, nthawi zina ndimamupatsa nsomba. Ndingawerengere zimenezo ngati malipiro?

Malipiro aperekedwe ndi ndalama. Lamulo limalola kuti gawo lina likhale zinthu monga chakudya kumene zimenezo n'zozolowereka, bola zikhale zothandiza wantchito ndi banja lake, mtengo wake ukhale wachilungamo, ndipo zisakhale mowa. Ine ndimati nsima ya masana ilembedwe payokha kuti "chakudya cha pantchito chidzaperekedwa", osaiika mtengo. Chambo chimene mwamupatsa Loweruka chifukwa chatsala ndi mphatso. Mukadzayamba kuchiwerengera tsiku losiyana, mudzachita manyazi pamaso pa anthu.

Nanga alovi ndi ogulitsa amene amalandira malinga ndi zimene apeza?

Kunyanja kuli kagawidwe kake, mwini chilimira ndi alovi amagawana za usipa wa usiku umenewo, ndipo sizidutsa m'makalata. Koma mukatengera kachitidweko m'shopu, kuti mnyamata wogulitsa simenti azilandira malinga ndi matumba amene wagulitsa, ndiye kuti ndi komishoni, ndipo ilembedwe bwino: zingati pa thumba, imawerengedwa katundu akatuluka kapena ndalama ikalowa, nanga wogula pangongole akathawa zikhala bwanji. Wogwira tsiku lonse m'shopu mwanu asatsike pansi pa malipiro otsikitsitsa chifukwa choti mwezi umenewo malonda sanayende. Bonasi nayo muisamale. Mukalemba kuti "mudzalandira bonasi mu Disembala" mwalonjeza. Ngati ikudalira mmene chaka chayendera, nenani choncho.

Ndiye ndime ya malipiro ya wophika uja ingalembedwe bwanji?

Nayi mmene ndinawalembera mayi aja, ndipo anapereka ya Chichewa pamodzi ndi ya Chingerezi kuti wophika awerenge yekha asanasaine:

"Salale yanu ya besiki idzakhala K208,000 pamwezi. Pamwamba pake mudzalandira alawansi ya nyumba ya K52,000 ndi ya thiransipoti ya K40,000 mwezi uliwonse. Zonse pamodzi ndi K300,000 msonkho ndi penshoni zisanachotsedwe. Ndalamayi idzalipidwa pofika pa 28 mwezi uliwonse, limodzi ndi peyisilipi yosonyeza zonse zimene zachotsedwa. Mudzagwira maola 8 patsiku, masiku sikisi pamlungu, ndipo tsiku lanu lopuma ndi Lachisanu. Maola owonjezera adzalipidwa pa K1,500 pa ola, ndipo a tsiku lopuma kapena holide ya boma pa K2,000 pa ola. Mukatumidwa kunja kwa Mangochi, za ulendo, chakudya ndi malo ogona zidzaperekedwa padera pa ulendo umenewo. Tchuthi chanu cha pachaka ndi masiku 18 a ntchito, cholipidwa."

Masiku 18 amenewo ndi mlingo wa lamulo kwa wogwira masiku sikisi pamlungu. Wogwira masiku asanu ndi 15. Lachisanu anasankha yekha wophikayo chifukwa cha mapemphero a kumzikiti, ndipo kwa mayi aja zinawakomera, poti alendo ambiri amafika Loweruka. Pa penshoni tinaonjezera chiganizo chotchula ndalama imene maperesenti aja adzawerengedwepo, titamva kaye kuchokera kwa osunga penshoni.

Wophika atawerenga anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga mayi, mukadzandipatsa kanyumba kaja ka kuseri kwa khitchini, ya nyumbayi idzatha?" Mayi aja anali asanaganizeko. Tinabweza kalata ija pa kompyuta n'kuonjezera mzere wakuti alawansi ya nyumba idzaima kuyambira mwezi umene adzalowe m'nyumba ya pa loji, atagwirizana onse awiri polemba, ndipo ya thiransipoti idzakambidwanso nthawi yomweyo.